Pempho kwa Makolo ndi Olera Ana: Kafukufuku Woona Ngati Mankhwala a LA Akuchizabe Malungo

Unduna wa Zaumoyo ukudziwitsa anthu onse, makamaka makolo ndi olera ana osakwana zaka zisanu, za kafukufuku amene amachitika m'zipatala zina zosankhidwa pofuna kuona ngati mankhwala a LA akuchizabe malungo monga momwe amayenera kuchitira. Ngati mwana wanu wapezeka ndi malungo pachipatala chimene kafukufukuyu akuchitikira, ogwira ntchito angakupempheni kuti mulole mwanayo kutenga nawo mbali. Chikalata chino chikufotokoza zimene zidzachitike mukavomera, nthawi imene mudzataye, zovuta zimene zingakhalepo, ndiponso ufulu umene muli nawo. Werengani modekha, kapena pemphani munthu amene mumamukhulupirira kuti akuwerengereni. Simukukakamizidwa kuvomera, ndipo mwana wanu adzalandira chithandizo chonse cha malungo ngakhale mutakana.

N'chifukwa chiyani tikuyeza mankhwala amene tikugwiritsa ntchito kale?

Tizilombo toyambitsa malungo timasintha pakapita zaka, ndipo tina timafika popima mankhwala amene kale ankatipha. Dziko lathu lidaona kale zimenezi kawiri. Kolokwini adasiya kuchiza bwino, ndipo mu 1993 dziko la Malawi lidamusiya n'kuyamba kugwiritsa ntchito fansida. Patapita zaka, fansidanso adayamba kufooka, ndipo mu 2007 m'malo mwake mudalowa LA. Nthawi zonse ziwirizi mankhwalawo sadafe tsiku limodzi. Ankafooka pang'onopang'ono: mwana amaoneka ngati wachira, thupi n'kuzizira, koma pakapita sabata ziwiri kapena zitatu malungo n'kuyambiranso, magazi n'kumachepa m'thupi.

Mu LA muli mankhwala awiri. Oyamba, atemeta, amapha tizilombo tambiri mwamsanga koma sakhalitsa m'thupi. Achiwiri, lumefantirini, amakhala m'magazi masiku angapo n'kumamaliza tizilombo totsala. M'mayiko ena a mu Afirika, monga Rwanda, Uganda ndi Tanzania, mwapezeka tizilombo timene tikuchedwa kufa ndi mankhwala a mtundu wa atemeta. Tizilombo sitidziwa malire a mayiko, ndipo anthu amalonda amayenda tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake Bungwe Loona Zaumoyo Padziko Lonse limalangiza kuti dziko lililonse lokhala ndi malungo liziyeza mankhwala ake kamodzi pa zaka ziwiri zilizonse. Langizo lake n'lakuti mankhwala akalephera kuchiza odwala oposa 10 pa 100 aliwonse, dziko lisinthe n'kuyamba ena.

Choncho mwana wanu sadzapatsidwa mankhwala achilendo kapena oyeserera. Adzalandira LA yemweyo amene amaperekedwa m'zipatala zonse, pa mlingo womwewo. Chosiyana n'chakuti madokotala adzamutsatira kwa masiku 28 ndi kumuyeza magazi kangapo kuti aone ngati tizilombo tatheratu.

Ndani angalowe m'kafukufukuyu?

Akufunika ana a miyezi 6 mpaka miyezi 59, ndiko kuti amene sanakwanitse zaka zisanu. Ana amsinkhu umenewu ndiwo amasankhidwa chifukwa matupi awo sanazolowere kulimbana ndi malungo. Munthu wamkulu amene wadwalapo malungo kambiri atha kuchira ngakhale mankhwala ali ofooka, popeza thupi lake limathandizira, motero kufooka kwa mankhwala kumabisika. Mwa mwana wamng'ono choonadi chimaoneka msanga.

Mwanayo ayenera kukhala wolemera makilogalamu 5 kapena kuposa, wotentha thupi kapena amene watentha thupi m'maola 24 apitawo, wotha kumeza mankhwala, ndiponso amene magazi ake aonetsa tizilombo ta malungo atayang'anidwa pa maikulosikopu. Kholo liyenera kukhala lotha kubwera naye kuchipatala masiku onse amene atchulidwa m'munsimu.

Pali ana amene saloledwa kulowa, ndipo chifukwa chake ndi kuwateteza. Mwana wa malungo aakulu, amene akukomoka, akusanza chilichonse, akulephera kuyamwa kapena kumwa, akulephera kukhala tsonga, akubanika popuma kapena magazi amuchepera kwambiri, ayenera kugonekedwa ndi kulandira jakisoni, osati mapiritsi. Saloledwanso mwana wonyentchera kwambiri, mwana amene kutentha thupi kwake kwabwera ndi matenda ena monga chibayo kapena chikuku, mwana amene thupi lake lidadanapo ndi LA, ndi mwana amene amamwa tsiku ndi tsiku mankhwala ena othanso kupha tizilombo ta malungo, monga bakitirimu. Mwana akakanidwa sizitanthauza kuti watayidwa. Adzathandizidwa pachipatala pomwepo monga wodwala wina aliyense.

Zimene zidzachitike, tsiku ndi tsiku

Kuti zimveke bwino, tiyerekeze mayi amene wabwera Lolemba m'mawa ndi mwana wa zaka zitatu, wolemera makilogalamu 13, amene watentha thupi usiku wonse. Tsiku limeneli m'kafukufuku limatchedwa tsiku 0.

Dokotala akamuyeza mwanayo n'kupeza kuti ndi malungo osafika poopsa, amawafotokozera mayiwo za kafukufuku ndi kuwapatsa mpata wofunsa. Akavomera, amasaina fomu. Kenako mwanayo amabayidwa pachala, ndipo timadontho tochepa ta magazi timagawidwa patatu. Tina timapakidwa pa kagalasi kuti tizilombo tiwerengedwe pa maikulosikopu. Dontho lina limayezedwa kuona ngati mwanayo ali ndi magazi okwanira. Tina timadonthezedwa pa kapepala kapadera, n'kuumitsidwa ndi kusungidwa. Ntchito ya kapepalaka ifotokozedwa kutsogoloku.

Mlingo wa LA umatengera kulemera kwa mwana. Wa makilogalamu 5 mpaka osakwana 15 amamwa piritsi limodzi nthawi iliyonse, ndipo wa makilogalamu 15 mpaka osakwana 25 amamwa awiri. Mwana wa m'chitsanzo chathu adzamwa piritsi limodzi kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, onse pamodzi mapiritsi 6. Loyamba amamwera pamaso pa namwino, lachiwiri patapita maola 8, ndipo otsalawo m'mawa ndi madzulo Lachiwiri ndi Lachitatu. Akamwa, amadikira mphindi 30. Akasanza mphindizi zisanathe, amapatsidwanso mlingo wonse, popeza mankhwalawo amakhala asanalowe m'thupi. Akasanzanso kachiwiri, amachotsedwa m'kafukufuku n'kupatsidwa chithandizo china. Ofufuza amafuna kutsimikiza kuti mlingo uliwonse wamwedwa, choncho adzagwirizana nanu za momwe mlingo wamadzulo udzamwedwere. Chifukwa chake n'chomveka: ngati mwana wadumphitsa mapiritsi n'kudwalanso, palibe angadziwe ngati cholakwa ndi mankhwala kapena kamwedwe.

LA amalowa bwino m'thupi akamwedwa ndi chakudya chokhala ndi mafuta. Mwana woyamwa ayamwe, ndipo wamkulupo amwe mkaka kapena adye phala lotsira nsinjiro.

Mayiwo adzabwera ndi mwanayo Lachiwiri, Lachitatu ndi Lachinayi, amene ndi masiku 1, 2 ndi 3. Kenako adzabwera Lolemba lililonse kwa masabata anayi, pa tsiku 7, 14, 21 ndi 28. Maulendo onse pamodzi ndi 8, kuwerengera ndi loyamba lija. Pa ulendo uliwonse dokotala amayeza kutentha kwa thupi, amamupima mwanayo ndi kufunsa momwe wakhalira kunyumba. Kubaya pachala kumachitika pa tsiku 2, 3, 7, 14, 21 ndi 28, komanso tsiku lina lililonse limene mwanayo wadwala.

Ena amafunsa chifukwa chimene sitigwiritsira ntchito kachipangizo koyezera malungo mwachangu kamene kamaonetsa mizere. Kachipangizoka kamatha kuonetsabe kuti malungo alipo kwa masabata angapo tizilombo titafa kale, ndiponso sikanena kuchuluka kwa tizilombo. Maikulosikopu yokha ndiyo imalola kuti tizilombo tioneke ndi kuwerengedwa.

Madokotala amadziwa bwanji kuti mankhwala agwira kapena alephera?

Tipitirize ndi mwana uja. Tiyerekeze kuti Lolemba m'kadontho kakang'ono koyezera, kotchedwa maikulolita imodzi, mudapezeka tizilombo 40,000. Mankhwala akamagwira bwino, nambalayi imatsika mofulumira, ndipo pofika Lachinayi, tsiku 3, nthawi zambiri sipaonekanso kachilombo ngakhale kamodzi.

Ofufuza amati mankhwala alephera koyambirira ngati chimodzi mwa izi chachitika: mwana waonetsa zizindikiro zoopsa m'masiku atatu oyamba tizilombo tikadalipo, pa tsiku 2 tizilombo tachuluka kuposa tsiku 0, pa tsiku 3 tizilombo tikadalipo ndipo thupi latentha kufika madigiri 37.5 kapena kuposa. Kapena pa tsiku 3 tatsala tizilombo tokwana gawo limodzi mwa magawo anayi a nambala yoyamba. Kwa mwana wathuyu, gawo limenelo ndi 10,000. Zikatero dokotala sadikira kuti aone mapeto ake. Mwanayo amapatsidwa mankhwala ena ovomerezeka tsiku lomwelo, ndipo ngati wafika poopsa amagonekedwa.

Kulephera kwina kumabwera mochedwa, ndipo n'kumene kumachititsa kuti tikupempheni kubwerabe ngakhale mwana akusewera bwinobwino. Tiyerekeze kuti pa tsiku 21 mwana uja alibe vuto lililonse, koma pa kagalasi paoneka tizilombo. Pali zinthu ziwiri zimene zingakhale zitachitika. Mwina tizilombo takale tija sitidafe tonse, tidangochepa n'kubisala, ndipo tsopano tachulukananso. Kapena tidafa tonse, koma udzudzu wina wamulumanso mwanayo n'kumupatsira tatsopano, zimene zimachitika kawirikawiri nyengo ya dzinja. Pa maikulosikopu zonse ziwirizi zimaoneka chimodzimodzi.

Apa ndi pamene kapepala kouma kaja kamagwira ntchito. Magazi a tsiku 21 amadonthezedwanso pa kapepala kena, ndipo timapepala tiwiriti timapita ku labotale yaikulu kumene amayerekeza chibadwa cha tizilombo ta tsiku 0 ndi ta tsiku 21. Tikafanana, ndiye kuti ndi tomwe tija, ndipo LA walephera. Tikasiyana, ndi malungo atsopano, ndipo mlanduwo suikidwa pa mankhwala. Kuyeza kumeneku kumatenga nthawi, choncho mwana sadikira zotsatira zake. Amalandira mankhwala tsiku lomwelo limene tizilombo taoneka.

Mwana amene wafika tsiku 28 popanda tizilombo amalembedwa kuti wachira kwathunthu, ndipo kafukufuku wake wathera pomwepo. Pachipatala chilichonse pamafunika ana osachepera 50 kuti zotsatira zikhale zodalirika, ndipo kawirikawiri amalembedwa oposa pamenepo. Mwana amene wasowa pakati pa ulendo sangawerengedwe ngati wochira kapena wosachira.

Zovuta zimene muyenera kuzidziwa

Kubaya pachala kumapweteka pang'ono ndipo ana ambiri amalira. Nthawi zina pamatupa kapena kuda kwa tsiku limodzi kapena awiri. Mwana aliyense amabayidwa ndi kasingano katsopano kamene kamatayidwa pomwepo. Magazi amene amatengedwa ndi timadontho chabe, ndipo sangachititse kuti mwana achepe magazi. Magaziwo sagulitsidwa, sapatsidwa kwa munthu wina, ndipo sayezedwa matenda ena popanda chilolezo chanu. Ngati timapepala touma tija tidzatumizidwa ku labotale ya kutali kapena kusungidwa kafukufuku akatha, zimenezi zimalembedwa pa fomu yovomerezera, ndipo muli ndi ufulu wofunsa kumene tikupita.

LA, monga mankhwala ena onse, ali ndi zovuta zake. Ana ena amamva mutu kapena chizungulire, amasowa chilakolako cha chakudya, amasanza, amamva m'mimba kapena amatuluka zidzolo. Zambiri mwa izi zimatha zokha, ndipo zina zimafanana ndi zizindikiro za malungo enieniwo. Kutupa nkhope kapena milomo ndi kubanika mutangomumwetsa mankhwala n'kosowa koma n'koopsa, ndipo kumafuna kuthamangira kuchipatala. Zovutazi zingachitike ngakhale kwa mwana amene sali m'kafukufuku, popeza mankhwala ake ndi omwewo.

Vuto limene makolo ambiri amalimva kwenikweni ndi la nthawi. Malungo amachuluka nyengo imene kumunda kuli ntchito yopalira, kubandira ndi kuthira feteleza. Maulendo 8 ndi masiku 8 amene m'mawa wake simudzagwira khasu kapena kuyala malonda. Ngati tsiku la msika kwanu ndi lomwe mwana walembedwera, dziwani kuti masabata anayi otsatizana mudzachedwa kumsika. Kambiranani ndi a kunyumba kuti mudziwe amene azibwera ndi mwanayo ndi amene azitsala ndi ana ena. Ngati mukudziwa kuti mwezi usanathe muchoka, kaya kukaoda katundu, kukagulitsa mbewu kapena kukakhala kwa abale kutali, nenani poyamba. Kukana lero n'kwabwino kuposa kuvomera n'kudzasowa pa tsiku 14.

Mudzabwezeredwa ndalama yoyendera pa maulendo a kafukufuku, ndipo kuchuluka kwake kumalembedwa pa fomu. Ndalamayi si malipiro ndipo si mtengo wa magazi a mwana. Inunso simuyenera kulipira kalikonse. Munthu akakuuzani kuti mupereke ndalama kuti mwana wanu alembedwe, kaneni kwa mkulu wa chipatala.

Phindu lake

Mwana wanu adzaonedwa ndi dokotala kangapo m'mwezi umodzi, ndipo malungo akabwerera angapezeke asanamugwetse. Kupatula apo, palibe phindu lina lapadera limene tikulonjeza. Sitingalonjeze kuti mwanayo sadzadwalanso malungo, chifukwa LA amachiza matenda amene alipo koma si katemera. Phindu lalikulu ndi la ana onse: zotsatira za kafukufukuyu ndizo zimathandiza Unduna kudziwa ngati LA apitirire kapena asinthidwe ana ambiri asanavutike.

Zimene tikukupemphani mukavomera

Musamupatse mwana mankhwala ena a malungo ogula kugolosale kapena otsala kunyumba, monga fansida kapena kwinini, pa masiku 28 amenewa. Mankhwala otere amabisa choonadi, popeza sitingadziwe amene apha tizilombo. Ngati mwamupatsa mankhwala ena alionse, ngakhale azitsamba, kapena walandira chithandizo kuchipatala china, auzeni ofufuza. Palibe amene adzakukalipireni. Musagawireko mwana wina mapiritsi a mwanayu, ndipo musasiye kumumwetsa chifukwa choti thupi lazizira. Apitirize kugona m'neti usiku uliwonse.

Musadikire tsiku limene mwalemberedwa ngati mwana watenthanso thupi, akukomoka, akusanza chilichonse, walefuka kwambiri, akukana kuyamwa kapena kumwa, akupuma movutikira, kapena zikhatho ndi m'maso mwake mwayera. Pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo, usana kapena usiku, ndipo muonetse khadi lake la kafukufuku. Mukalephera kubwera pa tsiku lanu, wogwira ntchito angakuyendereni kunyumba. N'chifukwa chake mudzafunsidwa mudzi wanu ndi njira yofikira pakhomo panu.

Ufulu wanu

Malamulo aakulu a dziko la Malawi, m'gawo 19, amaletsa kuchita kafukufuku wa zachipatala kapena wa sayansi pa munthu popanda chilolezo chake. Popeza mwana wamng'ono sangadzisankhire, chilolezo chimachokera kwa kholo kapena womulera. Mfumu, mlangizi wa zaumoyo kapena dokotala sangavomere m'malo mwanu. Ngati mukufuna kufunsa kaye bambo, mayi kapena malume a mwanayo, nenani. Mwanayo sadzachedwetsedwa kulandira mankhwala podikira yankho lanu, ngakhale kuti akayamba kumwa mankhwala asanalembedwe sangalowenso m'kafukufuku pa kudwala kumeneku.

Ngati simutha kulemba, mudzadinda ndi chala, ndipo payenera kukhala mboni yosagwira nawo ntchito ya kafukufukuyu, imene yamva zonse zimene mwauzidwa. Mudzapatsidwa fomu yanu yosainidwa kuti mukasunge kunyumba. Mutha kumuchotsa mwana wanu nthawi ina iliyonse popanda kupereka chifukwa, ndipo zimenezi sizidzasintha chithandizo chimene inu kapena banja lanu mumalandira pachipatalapo.

Dzina la mwana silidzalembedwa pa magalasi kapena pa timapepala ta magazi. Padzalembedwa nambala yokha. Mapepala okhala ndi mayina amasungidwa mokhoma, ndipo amene angawaone ndi ofufuza ndi oyang'anira kafukufuku okha. Zotsatira zikamalengezedwa zimanena za gulu lonse la ana, osatchula mwana kapena mudzi wa munthu.

Kafukufuku aliyense wa zaumoyo asanayambe, amayenera kuunikidwa ndi kuvomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu ndi chitetezo cha anthu otenga nawo mbali. Fomu yovomerezeka imakhala ndi chidindo cha komitiyo, dzina la mkulu wa kafukufuku, ndi manambala a foni amene mungaimbe. Munthu akabwera pakhomo panu kudzapempha magazi a mwana popanda fomu yotere, musalole, ndipo dziwitsani chipatala chimene muli nacho pafupi.

Musanasaine

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Musanasaine kapena kudinda, onetsetsani kuti mutha kuyankha nokha mafunso awa: mwana wanga amwa mankhwala anji ndipo kangati? Ndibwera masiku ati? Abayidwa kangati? Ndipite kuti akadwala usiku? Ndiuze ndani ndikafuna kusiya? Ngati pali funso limene simungathe kuliyankha, pemphani kuti akufotokozereninso, m'chinenero chimene mumamva bwino.

Mafunso okhudza thanzi la mwana ndi masiku obwera apite kwa mkulu wa kafukufuku pachipatala chanu. Madandaulo okhudza ufulu wanu kapena momwe mwasamalidwira apite ku komiti imene yalembedwa pa fomu, kapena ku ofesi ya zaumoyo ya boma lanu.